Lolemba: vidiyo ya chinkhoswe, magigabayiti 5 ndi netiweki ya kamba

Chinkhoswe cha msuweni wathu chinachitika Loweruka, ndipo Lamulungu lonse achemwali anga a ku Joni anali akungotumiza mauthenga. Mmawa wa lero anachita kuimba foni: "Achimwene, kodi vidiyo ija tidzaionera ku ukwati?" Amene anajambula ndi mphwanga pa foni yake, mphindi 40 zosadukiza, kuyambira pomwe ankhoswe a mbali zonse anaimirira mpaka kupatsana nkhuku, ndi kachigawo ka kuvina kumapeto. Anali atayamba kale kuikweza pa Google Drive kuchokera pa foni pomwepo, koma kamzere kosonyeza pomwe yafika kanangoima pa chiyambi. Ndinamuuza kuti aisiye asanamalize bandulo, ndipo tinakopera fayiloyo pa laputopu ndi chingwe.

Ndisanatsegule HandBrake, pulogalamu yochepetsera mavidiyo, ndinayang'ana kaye fayilo yeniyeniyo. Pa Windows mumadina batani la kumanja la mbewa pa fayilo, kusankha Properties, kenako Details. Pamenepo panalembedwa 1920 ndi 1080, mafulemu 30 pa sekondi, ndipo Total bitrate inali pafupifupi 17,000 kbps, kutanthauza mamegabiti 17 pa sekondi iliyonse ya vidiyo. Fayilo yonse inali 5.1 GB. Kenako ndinayeza netiweki pa Speedtest, osalabadira nambala ya Download imene aliyense amanyadira, koma ya Upload. Inkangozungulira pa 1 Mbps.

Manambala awiriwa akukwanira kudziwa zonse. Ngati sekondi imodzi ya vidiyo ili ndi mamegabiti 17, ndipo netiweki ikunyamula megabiti imodzi pa sekondi, sekondi iliyonse ya vidiyo ifuna masekondi 17 kuti ikwere. Mphindi 40 kuchulukitsa ndi 17 ndi mphindi 680, maola 11 ndi mphindi 20. Apo ndiye kuti netiweki isadukepo, magetsi asazime, ndipo bandulo ikhale yopitirira magigabayiti 5, poti kukweza nakonso kumadya data mofanana ndi kutsitsa. Mphwanga atamva anati, "Achimwene, koma Speedtest yati 1, ndiye si megabayiti imodzi pa sekondi?" Ayi. Mbps ndi mamegabiti, ndipo mabiti 8 ndiwo amapanga bayiti imodzi. Netiweki ya 1 Mbps imanyamula fayilo ya 1 MB m'masekondi 8.

Ine ndikamachepetsa vidiyo yoti ikwere pa netiweki yofooka sindiyambira pa kukongola kwa chithunzi. Ndimayambira pa nthawi imene ndingathe kudikira, n'kuwerengera chobwerera m'mbuyo. Lero ndinati ola limodzi. Ola ndi masekondi 3,600, ndiye pa 1 Mbps padutsa mamegabiti 3,600, amene ndi 450 MB. Mamegabiti amenewo tiwagawire masekondi 2,400 a vidiyo:

```
3600 / 2400 = 1.5 Mbps = 1500 kbps
1500 - 96 = 1404 kbps
```

Ndiye sekondi iliyonse ipatsidwa 1,500 kbps, mawu atengepo 96, chithunzi chitsale ndi pafupifupi 1,400. Kuchoka pa 17,000 kufika pamenepa kumaoneka ngati nkhanza, koma foni imajambula mowononga. Imayenera kufinya chithunzi nthawi yomweyo chikulowa, ilibe mpata woganiza, ndiye imangothira mabiti ambiri. HandBrake ili ndi nthawi yofananiza fulemu ndi inzake n'kusunga zokhazo zimene zasintha.

Cha m'ma 10 koloko ndinatsegula pulogalamuyo. Ndi yaulere, imapezeka pa handbrake.fr, ndipo ya Windows imafuna kuti muikenso .NET Desktop Runtime, choncho amene alibe akonzekere kutsitsa zinthu ziwiri. Open Source, kusankha fayilo, kenako pa Preset ndinatenga Fast 720p30. Kutsika kuchoka pa 1080 kupita pa 720 ndiye chisankho chachikulu pa ntchito yonseyi. Chithunzi cha 1920 ndi 1080 chili ndi timadontho topitirira pang'ono mamiliyoni awiri, pamene cha 1280 ndi 720 chili ndi 921,600, tosafika theka. Mabiti ochepa omwewo mukawagawira timadontho tochepa, kalikonse kamapeza gawo lokwanira. Mukaumirira 1080 pa 1,400 kbps, dzina lidzakhala lalikulu koma nkhope zidzasungunuka anthu akangoyamba kuyenda. Komanso achemwali akaonera pa foni, ndipo pa galasi laling'ono chotero kusiyana kwa 720 yabwino ndi 1080 n'kovuta kukuona.

Pa tsamba la Video m'pamene ndinasintha zimene Preset imabwera nazo. Iyo imakhala pa Constant Quality, ndi nambala ya RF. Njira imeneyi ndi yabwino, ndipo eni ake a HandBrake amalangiza RF ya pakati pa 19 ndi 23 pa vidiyo ya 720. Nambala ikakwera fayilo imachepa, ndipo kawirikawiri kuwonjezera 6 kumadula fayilo pafupifupi pakati. Vuto lake ndi loti simudziwa kukula kwa fayilo mpaka itatha. Vidiyo ya abusa ataima pa guwa ikhoza kutuluka yaing'ono kwambiri, pamene ya mu holo ya mdima, kamera ili m'manja ikugwedezeka, amayi atavala zitenje za maluwa ang'onoang'ono akuvina, ikhoza kutuluka yaikulu kangapo pa RF yomweyo. Kwa munthu wosunga vidiyo pa kompyuta yake palibe kanthu. Kwa ine amene ndili ndi malire a 450 MB, ndinasankha Avg Bitrate n'kulemba 1400, ndi kuchonga Multi-pass Encoding pamodzi ndi Turbo. Pa mitundu yakale ya HandBrake dzina lake ndi 2-Pass Encoding. Ulendo woyamba imangoyendera vidiyo yonse kuona malo ovuta ndi osavuta, wachiwiri ndiye imagawa mabiti: imamana pomwe ankhoswe angoima akulankhula, n'kupatsa pomwe pali kuvina.

Video Encoder ndinaisiya pa H.264 (x264). H.265 imafinya bwino kuposa pamenepa, koma laputopu yangayi ndi yokalamba ndipo ikanatenga nthawi yaitali, komanso vidiyoyi ikafika ku Joni iyenda m'mafoni a abale ambiri, ena akale, ndipo H.264 mu MP4 imatseguka pafupifupi paliponse. Encoder Preset ndinaikankha kuchoka pa Fast kufika pa Medium. Pa Avg Bitrate kukankha kumeneku sikusintha kukula kwa fayilo, kumangochititsa kuti chithunzi chioneke bwinoko pa kukula komweko, ndipo mtengo wake ndi nthawi. Ndikanapita mpaka Slower, nthawi imene ndapulumutsa pokweza ndikanaitaya podikira laputopu.

Pa Audio panali 160 kbps ndi Stereo. Ndinaika Mixdown pa Mono ndi Bitrate pa 96. Pa chinkhoswe mawu onse amachokera m'masipika a mu holo, palibe za kumanja ndi kumanzere zoti musunge. Koma sindinatsike kuposa apo. Akuluakulu amapirira chithunzi chosaoneka bwino, sapirira kusamva zimene nkhoswe wa kuchikazi ananena. Pa Summary ndinachonga Web Optimized, imene imaika chidziwitso cha fayilo koyambirira kuti vidiyo iyambe kuoneka isanatsitsidwe yonse.

Ndisanayambe yonse ndinayesa kachidutswa. Pamwamba pali Range, imene imakhala pa Chapters. Ndinaisintha kukhala Seconds n'kusankha mphindi imodzi ya pakati pa kuvina, malo oipitsitsa mu vidiyo yonse. Kuyesa pomwe wina akulankhula n'kudzinamiza, chifukwa pamenepo chilichonse chimaoneka bwino. Chimene mumayang'ana ndi timabokosi m'malo a mdima, maluwa a chitenje akusanduka phala munthu akatembenuka, ndi nkhope za anthu a kumbuyo. Timabokosi tinalipo pa khoma la kumbuyo kwa holo, kumene kunalibe kuwala. Kamera ya foni mu mdima imatulutsa timadontho tothwanima ngati mchenga, ndipo x264 sidziwa kuti timeneti ndi zinyalala, imawononga mabiti kuyesa kutisunga. Pa Filters ndinaika Denoise pa NLMeans, mphamvu yake Light. Khoma linayera ndipo nkhope zinaoneka bwinoko, koma liwiro linatsika moonekeratu, poti NLMeans ndi yolemera. Vidiyo yojambulidwa panja masana sifunika zimenezi.

Chinanso chondilimbitsa mtima chinali chakuti kuyesaku n'kokhwima kuposa zenizeni. Mphindi imodziyo ikakhala yokha imapatsidwa 1,400 kbps basi, pamene mu vidiyo yonse idzalandiranso zimene zatsala kwa olankhula aja. Ngati yaoneka yopiririka payokha, mu fayilo yomaliza idzaposa.

Ndinabweza Range kuti itenge vidiyo yonse, pa Save As ndinalemba dzina lina kuti zisasokonekere ndi fayilo yoyamba, ndi kudina Start Encode. Pansi pamaoneka FPS, kutanthauza mafulemu amene ikumaliza pa sekondi, ndi nthawi yotsala. Mphindi 40 pa mafulemu 30 ndi mafulemu 72,000, ndiye mukagawa ndi FPS imene ikuoneka mumadziwa nokha utali wa ulendo umodzi, osaiwala kuti maulendo ndi awiri. Laputopu iyenera kukhala pa chaja, pa tebulo osati pa bedi, chifukwa ikatentha kapena ikakhala pa batire imadzichepetsera liwiro. Yanga inkalira ngati chigayo mpaka amayi anasuzumira kufunsa ngati sipsa. Ndinapita kukadya nsima, n'kupitanso kumsika.

Madzulo ndinapeza yatha. Fayilo inali 449 MB, monga momwe masamu ananenera. Ndinaitsegula pa pulogalamu yoonera mavidiyo ya VLC n'kudumphira malo angapo, makamaka kumapeto, kuona ngati milomo ndi mawu zikuyenderabe limodzi. Mafoni ambiri sajambula mafulemu pa liwiro lokhazikika, ndipo kusemphana kukakhalapo kumaonekera bwino kumapeto kwa vidiyo yaitali. Preset ija imasiya Framerate pa 30 ndi Peak Framerate, ndipo zinali bwino.

Sindinakweze nthawi yomweyo. Cha m'ma 7 koloko dera lonse limakhala pa intaneti, ndipo Upload inali itatsika kufika theka, zimene zikanasandutsa ola langa kukhala maola awiri. Ndinadikira mpaka anthu atagona. Ngakhale apo zinapitirirako ola, chifukwa nambala ya Speedtest ndi ya kanthawi kochepa, netiweki siikhala pamenepo nthawi yonse. Powerengera ndi bwino kusiyako mpata. Foni yopereka intaneti ndinaiika pa windo, ndinatseka zina zonse zodya data pa laputopu, ndipo itatha ndinatumizira achemwali linki. WhatsApp ndinaipewa dala, chifukwa vidiyo yotumizidwa mwachizolowezi imafinyidwanso kachiwiri, pokhapokha muitumize ngati Document.

Achemwali ayankha kuti aonera, ndipo afunsa kuti perekaniperekani ali kuti. Ali mu fayilo ina, ya mphindi 25, ndipo imeneyo ndi kuvina kokhakokha, mulibe olankhula oti tibwerekeko mabiti. Pa 1,400 kbps sizitheka. Ndiyesa 2,000, kuphatikiza mawu pa 128 poti muli nyimbo, zimene zikupereka pafupifupi 400 MB. Fayilo zoyamba ndamuuza mphwanga asafufute mpaka titazikopera pa fulashi ya eni chinkhoswe.