Mmene ndinatsitsira akaunti yanga yonse mafayilo akumangodukira panjira

Akaunti yanga inali ndi zinthu zokwana 38 GB, zambiri zithunzi ndi maimelo akale. Popempha a kampani yosunga akauntiyo kuti andilongedzere zonse, ndinasankha fayilo imodzi yaikulu ya zipi poganiza kuti ndichepetse ntchito. Apa ndi pamene ndinalakwitsa. Inaduka katatu, ndipo ulendo uliwonse bulawuza inkayambiranso pachiyambi. Chonsecho linki yotsitsira imakhala masiku owerengeka, yanga inali ya sabata imodzi, komanso ankawerenga kuti ndatsitsa kangati.

Chinandithandiza n'kuyamba kulemba pomwe fayilo yadukira. Ulendo woyamba inaima pa 21 GB, wachiwiri pa 9 GB. Ikamaduka malo osiyanasiyana chonchi, nthawi zambiri ndi netiweki kapena kompyuta yomwe yagona, ndipo yanga inkagonadi ndikangochokapo. Wachitatu ndinatsitsira mu fulashi, n'kuima ndendende pa 4 GB. Apa intaneti inalibe mlandu. Fulashiyo inali ya FAT32, yomwe silandira fayilo imodzi yoposa 4 GB. Ndinasamutsa zomwe zinalimo, chifukwa kufomata kumafufuta zonse, n'kuisintha kukhala exFAT, yomwe imalandira mafayilo aakulu kuposa pamenepo.

Kenako ndinapemphanso kulongedza, koma m'zidutswa za 2 GB, ndipo zithunzi ndinazipempha pazokha. Zinatuluka zidutswa 20. Kudina 20 n'kotopetsa, komabe chimodzi chikaduka umataya mphindi zochepa, osati usiku wonse. Ndinaletsa kompyuta kugona, ndinalumikiza waya m'malo mwa Wi-Fi, n'kumatsitsa chimodzichimodzi.

Chidutswa cha 14 chinavutabe. Ndinadina F12 mu bulawuza, ndinapita pa Network, n'kuyambitsa kutsitsa. Pa mzere wa fayiloyo ndinasankha Copy as cURL kenako n'kuimitsa kutsitsako. Lamulo lomwe ndinakopalo ndinalimata mu teminolo, malo olembamo malamulo a kompyuta, kumapeto kwake n'kuwonjezera izi:

```
-L -C - -o gawo14.zip
```

`-C -` imauza curl, pulogalamu yotsitsira mafayilo yomwe lamulolo limagwiritsa ntchito, kuti ione kukula kwa fayilo yomwe ilipo kale n'kupitiriza pomwepo. Itaduka pa 1.3 GB, ndinangobwereza lamulo lomwelo ndipo inamaliza. Zimatheka pokhapokha seva ikulola kupitiriza. Ikakana, curl imatuluka ndi nambala 33. Lamulolo musapatse munthu, muli makuki otsegulira akaunti yanu. Makukiwo amathanso mphamvu, ndiye ikayamba kukana lowaninso n'kukopa latsopano.

Fayilo kuoneka mu foda sikuti yafika yonse. Chidutswa changa china chinali ndi makilobaiti ochepa chabe, ndipo nditachitsegula ndinapeza kuti ndi tsamba lolowera lomwe lasungidwa ndi dzina la zipi. Choncho chilichonse ndinachiyeza:

```
unzip -t gawo14.zip
```

Fayilo yabwino imathera ndi mzere woyamba ndi mawu akuti `No errors detected`. Ziwiri zinalephera, ndinazitsitsanso linki isanathe. Ndinamasula zonse mu foda imodzi, poti zithunzi za chaka chimodzi zinali zitamwazikana m'zidutswa zingapo, kenako ndinayerekezera chiwerengero chake ndi cha mu akaunti ndisanafufute kalikonse.