Ahedi, watisiya ndani?

Maganizo ojambula vidiyo anabwera ndi mphunzitsi wathu wachinyamata, wongochoka kumene ku koleji. Anati popeza makolo ambiri a pasukulu yathu, kufupi ndi Bembeke kuno ku Dedza, ali pa gulu la WhatsApp, ndingoyankhula mawu ochepa olandira ana a Sitandade 1 ndi makolo awo sukulu isanatsegulidwe mu Seputembala. "Mphindi imodzi ndi theka yakwana, ahedi," anatero. Ndinamuyang'ana momumvera chisoni. Ine pa asembule mphindi imodzi ndi theka ndimakhala ndikukonzabe kukhosi.

Usiku ndinalemba masamba atatu. Ndinayamba monga mwa mwambo, kupereka ulemu kwa agulupu, anyakwawa onse, a PEA amene amalangiza sukulu za pulayimale m'dera lathu, apampando a komiti ya sukulu, a PTA, gulu la amayi ndi akuluakulu a mipingo. Ndinaikamo ndime yokumbukira ana a Sitandade 8 amene anali atalemba mayeso a MANEB n'kuchoka, kenako mbiri ya maphunziro aulere kuyambira 1994. Tsiku lotsegulira sukulu linali pa tsamba lachitatu, kumunsi.

M'mawa mwake ndinavala jekete yakuda, yokhayo yomwe ndili nayo, ndipo ndinasankha ndekha poima: pabwalo, phiri lioneke kumbuyo kwanga. Mnyamatayo anati dzuwa lili kumsana kwanga, nkhope ituluka yakuda bii, ndiye nditembenuke kuti lindiwombe kumaso. Ndinakana, phirilo ndinkalifuna. Anatinso mphepo ya Ogasiti ikulowa m'maikolofoni, bwenzi titalowa m'kalasi, foni ikhale mapazi awiri okha kuchokera pakamwa panga. Ndinamuuza kuti mawu anga amafika ku Sitandade 8 ndili muofesi, abwerere m'mbuyo kuti nsapato zionekenso. Mwana wa ulemu, anabwerera.

Pepala ndinaligwira m'munsi, cha pamimba, kuti lisaoneke kwambiri. Ndiye maso anali pansi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Kutchalitchi kuseri kwa mpanda amayi a kwaya anali pa pulakatisi, akuimba nyimbo yapang'onopang'ono, koma ife sitinaiganizire popeza makutu athu anaizolowera.

Vidiyo inatuluka ya mphindi zisanu ndi imodzi. Netiweki ya kuno ikakumana ndi katundu wotere imangozungulira, ndipo palibe kholo lingathere bandulo yake pa nkhope ya ahedi. Mnyamata anati aidula, atumize koyambirira kokha, "poti zofunika zimakhala koyamba". Ndinavomera ndikuvula taye. Tonse awiri sitinaionere.

Tsono zimene makolo analandira ndi izi. Munthu wakuda bii, mujekete yakuda, ataima patali, mutu uli chowerama. Kumbuyo amayi akuimba mwachisoni. Mphepo ili fuuu, mawu akumveka modukaduka: "Agulupu... anyakwawa... akumpingo... ndaima pano ndi mtima wolemera... ana athu okondedwa... atisiya..." Vidiyo n'kuthera pompo.

Foni yoyamba inali ya apampando a komiti. "Ahedi, pepani kwambiri. Watisiya ndani?" Ndinati palibe. Anati, "Musabise, ife ndi akuluakulu." Ndisanawamasulire inalowa ina, kenako ina. Pa gulu paja panadzaza tinkhope tolira ndi mawu akuti mzimu uuse mumtendere, ngakhale panalibe wodziwa mzimu wa ndani. Bambo wina wogulitsa kachewere ku Lizulu analemba kuti wamva kuti ndi ana awiri. Wina anamukonza kuti ndi atatu.

Ndinathamangira kwa mnyamata uja kuti afufute. Anadina Delete for everyone, koma zimenezo zimachotsa uthenga pa gulu lomwelo basi, osati kumene anthu autumiza kale. Apa n'kuti vidiyo itafika ku magulu a mipingo ndi kwa achibale ku Joni. Kufufutako kunaonjezera moto: anthu anati ahedi achotsa chifukwa sanayambe adziwitsa amfumu, ndipo maliro salengezedwa mfumu isanamve.

Chakumadzulo amayi anayi anafika kunyumba kwanga atamanga zitenje ndi mipango, wina atasenza nkhuni, wina kambale ka ufa. Anakhala pansi pakhonde osayankhula. Mayi akunyumba anatuluka, kuwaona, n'kuyamba kulira iwonso, poganiza kuti uthenga wachokera kwawo ku Ntcheu. Ine ndinaima pakhomo ngati nkhuku yonyowa, ndikufotokoza kuti anawo ali moyo, angomaliza Sitandade 8. Agogo amene anasenza nkhuni anandiyang'ana nthawi yaitali. "Nanga mumaweramiranji?"

Tsiku lotsatira ndinamvera zonse zimene mnyamata ananena. Tinalowa m'kalasi ya Sitandade 1 momwe muli zithunzi ndi zilembo pakhoma, tinatseka chitseko, ndinakhala moyang'ana windo kuti kuwala kugwe pankhope. Foni anaitsamiritsa pa mulu wa mabuku pa desiki, molingana ndi maso anga, kuti isagwedezeke. Anandionetsa kadiso ka kamera n'kunena kuti ndiziyang'ana pamenepo, chifukwa ukayang'ana pena woonera amaona ngati ukuyankhula ndi munthu wina. Jekete anandivula. Pepala anandilanda, n'kulemba mitu inayi yokha ndi choko pa bolodi laling'ono kuseri kwa foni: tsiku, nthawi, zobweretsa, kofikira. Anatumanso mwana kukaona ngati kwaya ilipo.

Chimene chinandivuta ndi kuyankhula kwa anthu awiri nthawi imodzi. Kholo likufuna kumva tsiku ndi zofunika kugula. Mwana wa zaka 6 akufuna kungoona ngati bambo ameneyu ndi woopsa. Tinagwirizana kuti ndiyambe ndi moni waufupi ndi tsiku, pakati ndiuze makolo zawo, mwana ndimusungire kumapeto. Ndinati:

"Moni makolo nonse, moni ana. Ndine mphunzitsi wamkulu wa sukulu yanu, ndipo ndili bwinobwino, tonse kuno tili bwino. Sukulu ikutsegulidwa Lolemba likubwerali, belu limalira 7:30 m'mawa. Mwana woyamba Sitandade 1 akhale wa zaka 6. Tsiku loyamba mubwere naye nokha, mutatenga buku lake la kusikelo kuti tione tsiku lobadwa, mufikire ku ofesi yanga. Mumupatse kope, pensulo ndi juzi, kuno m'mawa kumazizira. Ngati yunifolomu sinasokedwe, abwere ndi zovala zomwe ali nazo, asakhale kunyumba. Tsono iwe mwanawe, kalasi yako ndi ino ukuionayi. Aphunzitsi ako akukudikira, ndipo tsiku loyamba tidzaimba nyimbo. Takulandirani."

Sinakwane ngakhale mphindi imodzi ndi theka. Tinaionera mpaka kumapeto, mawu tawakweza, tinaitananso adeputi kuti aone ngati muli chilichonse chonunkha maliro. Anati ndimwetulire pang'ono. Tinabwereza, ndinamwetulira, anati ndachita kunyanya koma zipite.

Lolemba ana anabwera, ambiri ali ndi mabuku a kusikelo ndi majuzi. Agulupu anabweranso, koma nkhope ili gwaa. Ndinawapatsa mpando muofesi, ndinawomba m'manja, ndikuyembekeza kuti andidzudzula za chisokonezo chija. Anatsokomola n'kunena kuti, "Ahedi, vidiyo yachiwiri ija ndaiona. Simunanditchule. Ya maliro ija ndiye inali yaulemu."