Suti ya pa salaula: yang'anani mapewa musanalipire

Suti ndakaitenga dzulo kwa telala, ulendo wachitatu, koma buluku lake silikuvalika. Ndinaigula pa salaula, pogulitsa zovala zovalidwa kale, kumsika wa Soweto ku Lusaka. Nsalu ndi yabwino, kungoti chiuno chinali mainchesi 38 pomwe ine ndimavala 32. Telala anangoti, "Musadandaule akulu, tichepetsa." Chikundipweteka n'chakuti sanandichenjeze, chonsecho ntchito amaidziwa.

Chiuno cha buluku amachichepetsera pa msoko wakumbuyo, wapakati pa matumba awiri aja. Mainchesi 2 amachoka popanda vuto. Mukapitirira pamenepo matumba akumbuyo amayamba kuyandikana, ndipo misoko ya m'mbali imakokekera kumbuyo. Pa langa anachotsa mainchesi 6 onse pa msoko umodziwo. Matumba atsala pang'ono kugundana, a m'mbali ndikuchita kupotoza mkono kuti ndipisemo dzanja, m'ntchafu mwatsala mofutukuka ngati thumba la ufa. Kuti zikhale bwino anayenera kuliphwasula lonse, lamba wa m'chiuno ndi misoko ya m'mbali, n'kulidulanso. Kumeneko n'kusoka buluku latsopano, ndipo mtengo wake ndi wina.

Tsiku lina lonse linathera pa benchi la telalayo, magetsi kulibe, makina ali zii, ine nditalipira kale minibasi kuchokera ku Chawama.

Jekete ndiye ndinachita mwayi, chifukwa mapewa anandikwana. Yang'anani mapewa musanalipire. Msoko wa phewa uzithera pomwe fupa lanu lathera. Ukagwera pamkono, isiyeni jeketeyo, chifukwa kuti telala achepetse mapewa ayenera kumasula nsalu yam'kati, kuchotsa manja onse awiri, kudula, n'kuwalumikizanso, ndipo akaphonya pang'ono nsalu imachita makwinya pamwamba pa mkono. Koma kuchepetsa m'mbali kuti igwire thupi n'kosavuta, ngakhalenso kufupikitsa manja ndi inchi imodzi, pokhapokha ngati mabatani a kumanjako ali ndi mabowo enieni, chifukwa bowo silisuntha. Kufupikitsa jekete yonse musayese, matumba amatsala m'mphepete.

Ndaiwala za kukulitsa. Tembenuzani chovala muone nsalu yotsala kuseri kwa msoko. Mabuluku ambiri a suti amakhala nayo kumbuyo, telala angakuwonjezereni inchi imodzi kapena kuposerapo pang'ono. Jinzi ilibe. Ndipo pa chovala chimene chachapidwa kambirimbiri, mzere wa msoko wakale umaonekabe chifukwa nsalu yobisika ija sinasuluke.

Kupinda miyendo ya buluku ndi ntchito ya mphindi zochepa, ingopitani mutavala nsapato zimene muzivalira bulukulo. Ndipo musalole kuti telala adule asanakuyeseni ndi mapini, mukhale pansi, muimirire, muyang'ane matumba pagalasi. Ine nsalu yanga anadula tsiku lomwelo, moti palibe chobwezera. Jekete ija ndikuifunira buluku lakuda la 32 kapena 34.