Momwe ndimakonzera funso la "boma" lisanapite kumudzi

Tiyerekeze kuti kafukufuku akachitikira ku Dedza, kwa Kaphuka ndi kwa Kachindamoto, ndipo papepala pali funso ili: "Kodi mukuvomereza kuti boma likuyesetsa kuthandiza alimi, ndipo mumalikhulupirira?" Funso lotere sindililola kutuluka mu ofesi. Ambiri adzayankha kuti eya, koma eya ameneyo sadzatiuza kanthu.

Ndimayambira pa liwu loti "boma". Kuno kwathu liwuli lili ndi nkhope zingapo. Mayi wa ku Linthipe akati "ndikupita kuboma" akunena tauni ya Dedza, kumene kuli ofesi ya DC ndi chipatala chachikulu. Bambo wina akamva "boma" aganiza za pulezidenti, wina za chipani cholamula, wina za mlangizi wa zaulimi amene sanabwere chaka chatha. Anthu anayi ayankha mafunso anayi osiyana, ife n'kuwerengera pamodzi ngati funso limodzi. Choncho liwulo ndimalichotsa n'kutchula mmodzimmodzi: pulezidenti, Nyumba ya Malamulo, khonsolo ya Dedza, apolisi, makhoti, bungwe loyendetsa zisankho, mafumu. Ndimatchula udindo wokha, dzina la munthu kapena la chipani ayi. Kutchula mmodzimmodzi chotere ndi momwenso amachitira a bungwe lofufuza maganizo a anthu la Afrobarometer, omwe akhala akufunsa Amalawi mafunso otere kuyambira 1999.

Kenako ndimadula funsolo pakati. "Likuyesetsa" ndi nkhani ya kagwiridwe ka ntchito, "mumalikhulupirira" ndi nkhani ina. Munthu atha kuona kuti khonsolo yakonza msewu koma osaikhulupirira pa ndalama. Ayankhe bwanji ndi eya mmodzi?

Mawu oti "mukuvomereza kuti" nawonso amapita. Mwamwambo wathu, kutsutsa mlendo amene wamuyalira mphasa n'kovuta. Mlendoyo akanena chiganizo n'kufunsa ngati mukuvomereza, ulemu wokha umakankha kuti muvomere. Izi zimachitika ngakhale chiganizocho chitakhala chonyoza boma. Muzichenjeranso ndi timawu "eti" ndi "si choncho" tomwe ofunsa amawonjezera okha kumapeto osazindikira.

Pomwe ndimakhalitsa ndi pa mneni. "Kudalira" ndi "kukhulupirira" si chimodzi. Mlimi amene amadikira feteleza wotsika mtengo adzati amadalira boma, chifukwa alibe kwina kolowera, ngakhale mumtima alibe nalo chikhulupiriro. Mukalemba "mumadalira", mwayeza umphawi. Ine ndimasankha "kukhulupirira", ndipo sindisintha liwuli papepala lonse.

Funso lokonzedwa limamveka chonchi: "Kodi khonsolo ya Dedza mumaikhulupirira motani: simuikhulupirira n'komwe, mumaikhulupirira pang'ono chabe, mumaikhulupirira ndithu, kapena mumaikhulupirira kwambiri? Kapena simunamve zokwanira za khonsoloyi kuti munenepo?" Mayankho awiri ali mbali yotsika, awiri mbali yokwera. Mukaika atatu oyamikira ndi limodzi lokana, mwapendeketsa sikelo musanayambe kuyeza. Chiganizo chomalizacho ndi khomo lotulukira kwa amene sakudziwa, kuti asangotola yankho poopa kuoneka mbuli.

Malo a funso papepala ndi ofunikanso. Mukayamba mwafunsa za mtengo wa feteleza ndi kusowa kwa mankhwala kuchipatala, kenako n'kufunsa za chikhulupiriro, munthu ayankha mtima uli wowawa kale. Mafunso a chikhulupiriro ndimawaika patsogolo pa a madandaulo, ndipo theka la mapepala limayambira pa pulezidenti, theka lina pa mafumu.

Tsopano kuyesa. Ndimatenga anthu 12 mpaka 15, amayi ndi abambo, achinyamata ndi agogo, ena osaphunzira. Akayankha ndimafunsa kuti, "Mayi, pomwe ndinati khonsolo, munaganiza za ndani?" Atatu kapena anayi akatchula phungu kapena amfumu, ndiye kuti liwulo silinamveke, ndibwerere ndikalembenso. Ndimafunsanso kusiyana kwa "ndithu" ndi "kwambiri", chifukwa kwa ena "ndithu" ndiye liwu lamphamvu kuposa. Akawasokoneza, "ndithu" ndimamusintha kukhala "pakatikati".

Funso labwino limathanso kuonongeka pabwalo. Wofunsa asavale malaya a buluu, a yelo kapena ofiira omwe angaoneke ngati a chipani. A nyakwawa atilandire, koma asakhale pompo tikamafunsa za mafumu. Pomaliza penipeni ndimaika funso loti, "Mukuganiza kuti watituma ndani?" Ndikayamba kuwerengera, ndimafananiza amene anati boma ndi amene anati bungwe lofufuza. Oyambawo akaonetsa chikhulupiriro chokwera kwambiri pa pulezidenti ndi apolisi, pamene pa mafumu onse akufanana, ndimadziwa kuti mantha alowamo, ndipo mawu odzidziwitsira kumayambiriro kwa pepala ndiwo ayenera kukonzedwa.