Dulani kaye chithunzi musanachiwonjezere m'mbali

Pa zonse zimene ndaphunzira za outpainting, njira imene kompyuta imajambulira mbali zimene kamera sinatole, chachikulu n'chakuti ntchito imayamba ndi kudula.

Tiyerekeze kuti mwajambula bwato pagombe la Nyanja ya Malawi ku Makawa, foni ili choimirira, mapikiselo 3000 m'lifupi ndi 4000 kutalika. Mukufuna chikwangwani cha 3000 kwa 1000. Mukachepetsa chithunzi chonse kuti chikwane kutalika kwa 1000, m'lifupi chitsala 750, ndiye kuti magawo atatu mwa anayi a chikwangwanicho akhala opeka. Koma mukadula thambo ndi mchenga wosafunika n'kutsala ndi 3000 kwa 2000, chikachepetsedwa chikhala 1500 m'lifupi. Apa theka ndi chithunzi chenicheni, ndipo zowonjezera ndi 750 zokha mbali iliyonse.

Musanapitirire, wongolani mzere umene nyanja yakumana ndi thambo. Ukapendekeka ndi digiri imodzi yokha, pa mapikiselo 3000 mbali ina imatsika ndi 52, ndipo nyanja imaoneka ngati ikutayikira kumodzi.

Mu Photoshop, tengani Crop, kokani m'mphepete, sankhani Generative Expand. Imatulutsa zitsanzo zitatu zoti musankhepo. Musakoke 750 yonse kamodzi, kokani 250 katatu, mbali imodzi kaye. Chifukwa chake n'chakuti pulogalamuyi imatengera mtundu ndi kuwala pa zimene zili pafupi ndi m'mphepete, ndipo malo opanda kanthu akakula imayamba kupeka zake. Komabe musadule masitepe ang'onoang'ono kwambiri, poti sitepe iliyonse imatengera yopeka inzake ndipo mtundu wa madzi umasintha pang'onopang'ono.

Pamawu olamula, amene mumalemba pouza pulogalamu zoti ijambule, ndi pamene ambiri amalakwitsa. Amafotokoza chithunzi chonse, bwato ndi msodzi yemwe, kenako kumbali kumatuluka bwato lachiwiri, mwina ndi munthu wamanja opotoka. Lembani zokhazo zoyenera kudzaza malo atsopanowo:

```
calm lake water, sandy shore, distant hills
```

Mawu akuti `lake` ndi ofunika. Mukalemba `beach` pokha, kawirikawiri mumabwera mafunde athovu a nyanja yamchere, ndipo aliyense wa kuno adzaona kuti si Nyanja ya Malawi imeneyo.

Pomaliza kulitsani chithunzi kufika pa 100% n'kuyang'ana polumikizira. Mbali yopeka imakhala yosalala kuposa yeniyeni, chifukwa kamera ya foni imasiya timadontho timene pulogalamu siimatengera bwino. Ikani Add Noise pang'ono, 1% kapena 2%, pa mbali yopeka yokha. Onaninso mithunzi. Ngati wa bwato wagwera kumanja, wa mtengo watsopano usagwere kumanzere. Mawu a chikwangwani muwaike pa mbali yopekayo, pamadzi kapena pathambo.

Ngati chikwangwanicho ndi chotsatsira malo ogona alendo, musalole kuti pulogalamu itambasule mchenga pamene pali bango kapena mpanda wa mnansi. Mlendo adzalipira poona gombe limene kulibe.