Kalata yopita komwe sanalengeze ntchito: momwe ndimailembera

Kampani ikalengeza ntchito m'nyuzipepala, imakhala yakuuzani kale chomwe ikufuna, inu n'kungoyankha. Ikakhala chete, palibe amene akudikira kalata yanu, palibe ndalama yomwe aikira padera, ndipo woilandirayo alibe chifukwa choiwerengera mpaka kumapeto. Ndiye kalata yotereyi sindiyamba ndi njala yanga. Ndimayamba ndi chomwe chikuwasowetsa tulo eni akewo.

Tiyerekeze kuti ndine wokonza mafiriji ndi zamagetsi, ndili ndi satifiketi ya TEVETA, ndimakhala ku Kamuzu Road ku Salima, ndipo ndikufuna ntchito pa loji ina ku Senga Bay. Lojiyo sinalengeze kalikonse.

Ndisanagwire cholembera ndimakwera kaye ulendo wa makilomita pafupifupi 20 kupita kunyanjako. Sindipita kukapempha ntchito, ndimapita kukaona. Ndimagula chakumwa chimodzi pa bala, n'kumva ngati n'chozizira bwino. Ndimamvetsera firiji yomwe ili kuseri kwa kauntala: kompresa ikamangolira osapuma, kapena chitseko chikakhala chomanga ndi lamba wa mphira, ndadziwa kale zolemba. Kenako ndimacheza ndi mlonda kapena woperekera zakudya, ndipo mafunso anga amakhala atatu basi: kodi firiji kapena pampu ikafa amaitana ndani, munthuyo amachokera kuti, ndipo amene amalamula pa zokonzakonza ndi ndani. Yankho likakhala lakuti amaitana munthu wa ku Lilongwe yemwe amafika mawa lake kapena mkuja, ndiye kuti mpata ulipo ngakhale sanaulengeze. Akandiuza kuti ali ndi anthu awiri olembedwa kale ndipo zonse zikuyenda, sindiwononga pepala. Ndimapita pa loji ina.

Funso lachitatulo ndi lomwe ambiri amalidumpha. Kalata yolembedwa kwa "amene zikumukhudza" sikhudza aliyense, imathera m'katoni ya makalata anzake. Pa malo aang'ono monga loji, chigayo cha mpunga kapena hadiweya, ndimalembera manijala kapena mwini wake, dzina ndi udindo wake, ndipo ndimafunsa kalembedwe ka dzinalo kuti ndisalilakwitse. Pa kampani yaikulu, monga za shuga ku Dwangwa ndi kuno ku Salima, ntchito zimadzera ku ofesi yoona za antchito, choncho kalata ndimailembera ofesiyo, koma m'kati ndimatchula dipatimenti yomwe luso langa likugwera kuti adziwe tebulo loiperekako.

Nthawi yotumizira nayo ndi theka la nkhani. Kunyanja anthu amadzaza pa Tsiku la Amayi, pa 15 Okutobala, kenako pa Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano, ndipo Okutobala ndi Novembala ndi miyezi yomwe kutentha kumazunza mafiriji. Kalata yanga iyenera kufika mu Ogasiti kapena kumayambiriro a Seputembala, manijala akadali ndi nthawi yoganiza. Ikafika sabata ya Khirisimasi, alibe ngakhale mphindi yotsegulira envulopu. Kwa wofuna ntchito ku fakitale ya shuga, komwe kugaya nzimbe kumayamba nthawi zambiri cha mu Epulo, kalata ndi ya mu Febuluwale kapena Malichi. Ku zigayo za mpunga ku Nkhotakota, ilembeni mpunga usanayambe kulowa, osati matumba atadzaza kale pakhonde.

Tsopano kalata yeniyeniyo. Maofesi ambiri amayembekezera Chingerezi, koma ine ndimayamba kuilemba m'Chichewa, chifukwa m'chinenero chathu bodza ndi mawu opanda kanthu zimaonekera msanga. Ndikakhutira ndi mfundo ndiye ndimaitembenuza. Kutalika kwake ndi tsamba limodzi, ndime zinayi, mawu osapitirira 250. Pamwamba ndimaika keyala yanga, nambala ya foni ndi tsiku, kenako dzina ndi keyala ya wolandira, kenako mutu. Mutuwo usakhale wakuti "kufunsira ntchito ina iliyonse". Mawu amenewa ndi omwe amapha makalata ambiri. Wolembayo amaganiza kuti akusonyeza kudzichepetsa, koma wowerenga amamva kuti munthuyu akufuna kuti ndimuganizire ndine chomwe angachite. Wanga umakhala wakuti: Wokonza mafiriji ndi zamagetsi, wokhala ku Salima.

Ndime yoyamba imanena poyera kuti ndikudziwa kuti ntchito sanalengeze, n'kupereka chifukwa chomwe ndalembera iwowo osati ena:

"Ndikudziwa kuti simunalengeze ntchito. Ndakulemberani chifukwa nyengo yotentha ndi ya alendo ambiri yayandikira, ndipo ndine wokonza mafiriji yemwe angafike pa loji yanu pasanathe ola limodzi."

Taonani kuti sindinalembe kuti firiji yawo ya pa bala ndi yowonongeka, ngakhale ndinaiona ndi maso. Kulozera bwana chilema cha pamalo pake m'kalata yoyamba n'kumuchititsa manyazi, ndiponso n'kuika m'mavuto wantchito amene anandiuza. Zomwe ndinaonazo zimandithandiza kusankha maluso oti nditchule, basi.

Ndime yachiwiri ndiyo imanditengera nthawi, chifukwa muli umboni. Mawu akuti ndine wolimbikira, wokhulupirika, woopa Mulungu ndimawachotsa onse. Si kuti ndi oipa, koma aliyense amalemba omwewo, ndipo palibe njira yowatsimikizira. M'malo mwake ndimalemba zinthu ziwiri kapena zitatu zomwe munthu angaimbe foni n'kufunsa:

"Kwa zaka ziwiri ndakhala ndikusamalira mafiriji asanu ndi limodzi a pa butchala ina ndi a ogulitsa nsomba awiri kuno ku Salima. Ndimafufuza pomwe gasi akuthawira, kuwotcherera, kuthira gasi, kusintha kompresa ndi mphira wa pachitseko. Ndimakonzanso mapampu a madzi ndi mawaya a pakati pa jenereta ndi nyumba."

Maganyu ndi ntchito ndithu, musachite nawo manyazi. Chachikulu n'kuwawerenga ndi kunena kuti anali a chiyani. Koma nambala iliyonse ikhale yoona. Salima ndi yaing'ono, manijala wa lojiyo mwina amagula nyama pa butchala yomweyo. Ndiponso luso lomwe sindinaligwirepo ndi manja sindilitchula. Ndikalemba kuti ndimakonza chipinda chozizira chosungiramo nyama pomwe ndinangochiona pa bolodi kusukulu, tsiku loyamba lomwelo adzanditsegulira chitseko chake n'kuima pambali.

Ndime yachitatu ndi pempho, ndipo apa m'pamene kalata yotereyi imasiyana kwambiri ndi yoyankha malonda a ntchito. Sindipempha kuti andilembe, poti manijala sangavomere malipiro a mwezi ndi mwezi omwe sali m'bajeti. Ndimapempha chinthu chaching'ono chomwe angavomere yekha osafunsa kulikulu:

"Ndikupempha mphindi 15 kuti ndidzakuoneni. Ngati mungalole, ndingayendere mafiriji anu tsiku limodzi n'kukulemberani zomwe zikufunika kukonza nyengo ya alendo isanafike. Ndine wokonzeka kuyamba ndi ntchito yoitanidwa pakagwa vuto, kapena ya miyezi yochepa."

Za malipiro sinditchula m'kalata. Sindilembanso kuti ndigwira ulere. Kuyendera kwa tsiku limodzi kuli ndi malire ake, koma amene walonjeza ulere wopanda malire amavutika kudzatchula mtengo pambuyo pake. Nkhani za kunyumba, zakuti ndine woyamba kubadwa, ana akudikira fizi, nazonso sizilowa. N'zoona, n'zowawa, koma zimasandutsa kalata ya ntchito kukhala yopempha thandizo, ndipo yotereyo amaiyankha ndi pepani.

Ndime yomaliza ndi mizere iwiri: zomwe ndaphatikiza, ndi tsiku lomwe ndidzaimbe foni. "Ndidzakuimbirani Lachiwiri sabata yamawa kuti ndimve ngati mungakhale ndi mpata." Kenako siginecha ya cholembera pamwamba pa dzina lotayipa.

Zophatikiza zisachuluke: siivi ya masamba osapitirira awiri, fotokope ya satifiketi ya lusolo, ya MSCE ngati ilipo, ndi mayina a mboni ziwiri zomwe ndazipempha kale chilolezo. Mboni yodzidzimutsidwa imayankha kuti "ndani ameneyo?", nkhani n'kuthera pomwepo. Satifiketi yeniyeni sindisiya kwa munthu aliyense. Ku malo otayipira ndimawerenga pa kompyuta pomwepo asanapulinte, makamaka dzina la kampani ndi nambala ya foni. Anyamata a pamenepo kawirikawiri amatsegula kalata ya kasitomala wina n'kusintha mayina okha, ndiye kalata yopita ku Senga Bay imatuluka ikutamanda kampani ya ku Dwangwa m'ndime yachiwiri. Ndimapulinta ziwiri, ina n'kusunga.

Kwa malo a pafupi, kupereka pamanja kumaposa zonse. Ndimapita pakati pa sabata, cha m'ma 10 koloko m'mawa, alendo atadya kale ndipo za nkhomaliro zisanayambe. Lachisanu ndi Loweruka ayi. Envulopu ndi yaikulu, ya A4, kuti mapepala asapindike. Pa geti ndimapempha mwaulemu kuti ndikaisiye ndekha ku ofesi yolandirira alendo, ndipo ndimalemba m'kope dzina la woilandira ndi tsiku. Akandikaniza kulowa sindikangana, poti mlondayo ndi amene adzanditsegulire tsiku loitanidwa. Ikakhala ya pa imelo, mawu a kalata ndimawalemba m'thupi la uthengawo, mapepala onse n'kuwamanga kukhala PDF imodzi yokhala ndi dzina langa. Zithunzi zisanu ndi ziwiri zojambula pa mphasa, chala chikuonekera m'mphepete, palibe amene amazitsegula. Pa WhatsApp ndimatumiza pokhapokha bwanayo atanena yekha.

Tsiku lomwe ndinalonjeza ndimaimbadi, ndili ndi mayunitsi okwanira. Kufulasha bwana n'kudzichotsa wekha pa mzere. Ndimatchula dzina, luso ndi tsiku lomwe ndinasiya kalata. Mayankho ake amandiuza pomwe zalakwika. Akati sanaione, vuto ndi njira yomwe inadzera, ndiye ndimapempha imelo yawo kapena kupititsa kalata ina ija yomwe ndinasunga. Akati tilibe malo, ndimafunsa ngati angasunge nambala yanga kuti adzandiitane pakagwa vuto, ndiponso mwezi womwe amaonjezera anthu. Akafunsa kuti "mumati mumapanga chiyani kodi?", ndiye kuti mutu ndi ndime yoyamba sizinagwire ntchito, ndipo ndimazikonza ndisanalembere kwina. Wina akandiuza kuti ndipereke kangachepe kuti kalata ifike pa tebulo la bwana, ndimadziwa kuti si njira ya kampaniyo, ndipo sindipereka.

Kuimba ndi kawiri basi, kotalikirana sabata ziwiri. Kupitirira apo kumasanduka kuvutitsa. Ndikaimba kawiriko ndimalemba m'kope muja mwezi womwe anatchula, ndipo ukayandikira ndimatumiza kalata yatsopano, ya tsiku latsopano, yokhala ndi ntchito imodzi yomwe ndagwira kuchokera pa nthawi ija.