Khadi ya Khirisimasi ya banja lathu yatheka

Abale anga, khadi ija ndamaliza usiku wathawu! Chaka chino sitikumana tonse kuno ku Salima, ndiye ndinatola zithunzi za aliyense pa WhatsApp n'kuwaika pamodzi pa chithunzi cha ku Senga Bay chomwe ndinajambula dzuwa likutuluka.

Kudula anthu pa zithunzi zawo sikunandivute, pa pulogalamu yokonzera zithunzi ya PicsArt ndi kanthawi kochepa. Ntchito inagona pa kuwala. Pa chithunzi cha kunyanjacho dzuwa likuchokera kumanzere, koma agogo anawajambula pakhonde kuwala kukuwamenya kumanja. Nditawaika, ankaoneka ngati omatidwa ndi ulimbo. Ndinawatembenuza chithunzi chawo, nkhope n'kugwirizana ndi dzuwa. Achimwene a ku Joni sindikanawatembenuza chifukwa malaya awo ali ndi malemba, akanawerengeka chobwerera, choncho ndinawapempha chithunzi china.

Chinanso ndi mthunzi. Munthu wopanda mthunzi kumapazi amaoneka ngati akuyandama pamchenga. Ndinapaka kakuda kofewa pansi pa mapazi a aliyense, kopendekera kumanja, n'kukachepetsa mphamvu mpaka mchenga uzionekera. M'mphepete mwa duku la amayi munatsalira kamzere kobiriwira ka khoma la kunyumba, ndinakafufuta pang'onopang'ono nditakulitsa chithunzi.

Pomaliza ndinaphatikiza zonse n'kuika fyuluta imodzi yofiirira pamwamba, kuti onse aoneke ngati anajambulidwa m'mawa umodzi.

Amayi atayiona anakhala chete, kenako anati, "Mwanawe, ngakhale agogo ako afika kunyanja?" Misozi inalengeza. Mawa ndikasindikiza makope 10.